Kalata kwa achemwali ku Joni: zomwe ula wanena za bambo aja

Nkhotakota
14 Julayi 2024

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno tilipo, kungoti mwera wavuta. Sabata yonseyi maboti angokhala pa mchenga, ndiye usipa wakwera mtengo ngati sitikhala m'mbali mwa nyanja. Amayi miyendo ija ikuwavutabe, koma chinangwa akuviika okha, salola munthu kuwagwirira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Foni yanga Tadala sayisiya, ndipo mawu amene mumatumiza aja amawatsegula pakhonde, mpaka aneba amayankhira. Nkhani iyi si ya pakhonde. Ndapatsira mnyamata uja akubwerera Lachitatu pa basi, pamodzi ndi mpunga wa kilombero makilogalamu 5 ndi kajumbo ka usipa wouma. Mukawerenga mung'ambe.

Achemwali, ndinapita kukaombeza.

Ndikudziwa mwagwira kale pakamwa. Ine wa kwaya, mwana wa mayi wa Mvano, kukavula nsapato pakhomo pa sing'anga! Koma mukumbuke kuti ulendo woyamba uja ndinalola mwamuna popanda kufunsa munthu, ndipo munali inu amene munabwera kudzanditenga usiku ndi Tadala kumsana, diso litatupa. Panopa ndili ndi zaka 34. Bambo awa andifunsira kawiri, ndawayankha kuti ndikuganiza, ndipo kuganizako kunafika pondisowetsa tulo.

Paja ndinangokuuzani kuti ndi mmisiri wokhoma maboti. Kwawo ndi cha ku Dwangwa, anasamukira kuno madzi atasefukira kumeneko kumapeto kwa Febuluwale, nyumba yomwe ankachita lendi itagwa. Ali ndi zaka 41, samwa mowa, amapemphera ku Angilikani. Tinadziwana chifukwa cha chitseko chathu chakumaso chija, chomwe tinkachita kuchinyamula potseka. Anabwera kudzagula mandasi, anachiyang'ana, mawa lake anabwera ndi pulena. Ndalama anakana, anangopempha madzi akumwa. Pochoka anaiwala pensulo yawo pa zenera, yofupika ngati chala, yolumidwalumidwa kumapeto. Pensulo imeneyo ndi yomwe ndinapita nayo, chifukwa mnzanga amene anandilondolera njira anati mayi woombezayo amafuna chinthu chomwe mwamunayo wachigwira.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mamawa, kunyumba ndinanama kuti ndikukaoda nsomba ku Chia. Ndinatsika minibasi tisanafike pa mlatho, kenako kabaza mpaka kumudziko. Ndinkayembekezera munthu woopsa wa zikopa ndi nthenga. Ndinapeza mayi wachikulire, wonenepa bwino, akupeta mpunga, chidzukulu chikumukoka chitenje. Anandiuza kuti ndidikire amalize. Atalowa m'kanyumba kawo ndi pomwe anavala mwinjiro woyera wa mtanda wofiira pachifuwa, n'kuyamba ndi pemphero. Izi zinandisokoneza mutu, sindikunamizeni.

Chipondamthengo ndinaika K5,000 pa mphasa. Patsogolo pawo panali nsupa yakuda yovekedwa mikanda m'khosi, kagalasi kosweka pakona, ndi beseni la madzi. Pensulo ija anaigoneka pagalasi. Sanandifunse chomwe ndabwerera. Anagwedeza nsupa, kuinong'oneza, kuiika kukhutu, kenako anakhuthulira pa mphasa tinthu ta m'kathumba: tizigoba ta nkhono, timafupa, njere zina zofiira, ndi ndalama yachitsulo yakale yobooka pakati ija agogo ankasunga. Anaponya katatu. Ine mtima uli phaphapha, thukuta m'manja ngakhale kunkazizira.

Ndikulemberani monga mmene ananenera, kuti nanunso muyeze nokha.

Choyamba anati, "Mwana wanga, wabwera ndi nkhani ya mwamuna, koma mantha ako si a mwamuna uyu, ndi a wina amene anapita." Apo ndinangoti zyoli.

Chachiwiri anati m'manja mwa bambowa mulibe mankhwala. Sanandidyetse kanthu, sanakwirire kanthu pakhomo. Mudzaseka, koma ichi ndinkachiopa ndithu, chifukwa azakhali anandiuza kuti munthu sangamangoganiza za mwamuna usana ndi usiku popanda kondaine. Mayiwo anati, "Ukumuganizira chifukwa wamukonda, palibenso china." Anatinso si munthu wa dzanja lopepuka. Mkwiyo wake ndi wa chete, akapsa mtima amatha masiku osalankhula, ndipo ine wa pakamwa ndidzavutika nazo.

Pa chuma sanachedwepo. Ndalama yobooka ija inagwera kutali ndi tina tonse. Anati sadzalemera, koma sitidzagona ndi njala, ndalama yake imabwera ndi nyengo ngati nsomba. Ichi sindinafunikire ula kuti ndichidziwe.

Chachitatu ndi chomwe chandilembetsa kalata. Maulendo onse atatu, kachigoba kamodzi kankagwa chovundikira, katatsamira pa kafupa komwe anati ndi bambowa, ndipo pambali pake kanjere kofiira. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana m'madzi. Kenako anati, "Munthuyu kumbuyo kwake kuli chitseko chomwe sanatseke. Kuli mkazi m'mbali mwa madzi, ndi mwana. Sakhalira limodzi, koma sanasudzulane. Ukalowa m'nyumba chitsekocho chili chotsegula, mphepo yake idzazimitsa moto wako." Ndinafunsa ngati ndiwakane. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Ula sukwatiwa, wokwatiwa ndi iwe. Ine ndakuuza chomwe chagona pa mphasa. Pita ukamufunse, ndipo uyang'ane mmene ayankhire."

Mankhwala sanandigulitse. Ndinachita kufunsa ndekha ngati pali osamba, anati palibe chosamba apa.

M'minibasi pobwerera ndinayamba kudzitsutsa. Mwamuna wa zaka 41 wa kunyanja kuno, ndani alibe mwana pa doko lina? Ngakhale ine nditavala mwinjiro ndikhoza kunena zimenezo, ndipo mwa amuna khumi ndingalakwitse mmodzi kapena awiri. Za diso langa lija, boma lonse linadziwa, mwina mnzanga uja anakambako. Ndiye musaganize kuti mng'ono wanu wapusa. Komabe miyezi inayi yonseyi funso limeneli ndinali nalo pakhosi, ndipo sindinalifunse. Ndinkaopa yankho. Ankati "ndinakhalapo pa banja, zinatha", ine n'kumangovomera ngati ndamva zonse.

Lachisanu madzulo ndinawatsatira ku doko. Ndinawapeza akumata phula m'mipata ya boti, manja ali bii. Za ula sindinatchule. Ndinangoti, "Bambo, banja lanu lija linatha pamaso pa ndani?" Anaika chitini pansi, anapukuta manja pa thalauza nthawi yaitali, ine n'kumati basi, chete uja wayamba. Koma analankhula. Mkaziyo ali ku Senga Bay, ku Salima. Anakwatirana mwa chinkhoswe, iwo anali mkamwini kumeneko. Ali ndi mwana wamkazi wa zaka 9, ali Sitandade 3. Anachoka zaka zinayi zapitazo atakangana ndi apongozi pa nkhani ya malo, ananyamula zipangizo zawo m'bandakucha, osatsanzika. Ankhoswe sanakhalepo pansi. Ndalama ya mwana amatumiza pa foni akapeza, anandionetsa mauthenga ake, ena a K10,000, ena a K15,000, miyezi ina palibe. Akuti anamva kuti mayiyo ali ndi mwamuna wina, koma ndi zongomva.

Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire. Anati, "Ndimaopa kuti mundithawa." Sanalumbire, sanatukwane mkazi uja ngakhale liwu limodzi, ndipo ichi ndinachisunga mumtima. Bambo a Tadala mukukumbukira mmene ankanenera akazi awo akale, onse anali mfiti.

Koma china chikundidya. Munthu amene anathawa m'bandakucha kamodzi, mwendo wake ukudziwa njira. Ula unati samenya. Sunanene kuti sathawa, ndipo ine ndinaiwala kufunsa.

Ndiye ndawauza chonchi. Sindinalole, sindinakanenso. Apite ku Senga Bay ndi nkhoswe wawo, akakhale pansi ndi akuchikazi, ukwati uja uthe poyera, mayiyo amasulidwe, ndipo za mwana akagwirizane pamaso pa anthu kuti azipereka zingati. Sindikufuna tsiku la chinkhoswe changa kudzatulukire mayi ndi mwana pa dzanja, anthu akuvina. Akabwerako tipite limodzi kuchipatala kukayezetsa magazi, zotsatira tikamve tili awiri m'chipinda chimodzi. Izi sizinachokere pa mphasa, ndi zanga. Zikatheka ziwirizi, atumize anthu awo kwa atsibweni. Avomera zonse. Akuti apita mwezi wa mawa akamaliza boti lomwe ali nalo, chifukwa mwini wake sanamalize kulipira. Tione ngati mwezi wa mawa ufike.

Za komwe tikakhale sitinagwirizane. Iwo chikamwini chinawawawa, akufuna chitengwa, akuti apeze malo cha ku Dwangwa madzi akaphwera. Ine amayi sindingawasiye ndi miyendo imeneyi, inu muli kutali, ndipo achimwene ku Lilongwe mukuwadziwa, amabwera pa maliro pokha. Ndaganiza zoti tichite lendi pa boma pompano, pakhale pa ife tokha, koma poyenda pansi kufika kwa amayi.

Tadala amawakonda. Anamukhomera kabokosi kosungira makope, ndiye akungoti "amisiri abwera liti". Sindikufuna azolowere kwambiri zisanalongosoke, koma mwana ungamuletse bwanji?

Tsopano zopempha zanga. Amayi musawauze za kwa sing'anga, angadwale nazo, ndipo zikafika kwa abusa ndiimitsidwa kwaya. Za mkazi wa ku Senga Bay ndiwauza ndekha bambowa akabwerako. Atsibweni muwaimbire inuyo, amakumverani chifukwa cha malata aja munawagulira. Muwauze kuti kubwera anthu mwina mu Seputembala, asawatchulire zinthu zambiri ngati akugulitsa ng'ombe, munthuyo chuma chake ndi sowo ndi pulena. Ndipo mundiyankhe moona, achemwali, musandinyengerere. Inu munaona bambo a Tadala tsiku limodzi lokha n'kundiuza kuti maso awo sakukusangalatsani, ine ndinakwiya nanu mwezi wathunthu. Awa simunawaone, koma ndakuuzani zonse zomwe ndikudziwa. Mukaimba, imbani Lamulungu cha m'ma 2 koloko, Tadala amakhala ali ku mpira. Mukangoti "mpunga uja ndi wabwino" ndidziwa kuti mwagwirizana nazo. Ngati muli ndi mawu ena, ndidzatuluka kupita kuseri kwa khola kuti tikambe bwino.

Zikayenda, chinkhoswe chingakhale mu Disembala inu mukabwera ku tchuthi, musagule tikiti ya basi musanandifunse tsiku. Nsapato zija munanena, ndimavala 6, osati 5.

Pensulo ija ndikadali nayo m'chikwama, sanaifunse.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mng'ono wanu,
Esinati