Ndondomeko ya Mlandu wa Chisankho cha Pulezidenti cha 2019

Odandaula: Dr Saulos Chilima ndi Dr Lazarus Chakwera. Oyankha: Pulofesa Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Ndalemba izi kuti alangizi a zamalamulo a m'midzi amene tili nawo pamaphunziro sabata ino aone njira yonse imene mlandu umayenda, kuyambira tsiku lokasuma mpaka apilo.

21 Meyi 2019. Amalawi anaponya voti.

25 Meyi. Zotsatira zisanatuluke, chipani cha MCP chinakatenga chiletso ku Bwalo Lalikulu ku Lilongwe choti MEC isalengeze wopambana. Chiletsocho chinachotsedwa pa 27 Meyi, ndipo tsiku lomwelo MEC inalengeza kuti a Mutharika apambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Chakwera 35.41, a Chilima 20.24. Mmawa mwake a Mutharika analumbira.

31 Meyi. A Chilima ndi a Chakwera anakasuma ku Bwalo Lalikulu, aliyense payekha. Tsikuli mulisunge: lamulo la zisankho linkapereka masiku 7 okha chilengezereni zotsatira kuti wodandaula akapereke dandaulo lake. Akanachedwa, zonse zili pansipa sizikanachitika.

Kumayambiriro kwa Juni. Jaji Charles Mkandawire anaphatikiza madandaulo awiriwa kukhala mlandu umodzi. Kenako mkulu wa majaji, a Andrew Nyirenda, anatsimikiza kuti nkhaniyi ikukhudza malamulo aakulu a dziko, choncho inapita kwa majaji asanu: Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo. Anthu ambiri amaganiza kuti limeneli ndi khoti lina lapadera. Ayi, ndi Bwalo Lalikulu lomwelo, kungoti pa nkhani zotere majaji amakhala angapo. N'chifukwa chake chigamulo chawo chinali chotheka kuchitira apilo.

21 Juni. Oyankha anali atapempha kuti mlandu uthetsedwe usanamvedwe, ponena kuti madandaulowo sanaperekedwe motsata ndondomeko. Bwalo linakana pempholo.

8 Ogasiti mpaka Disembala. Bwalo linamva mboni ku Lilongwe, ndipo dziko lonse linkatsatira pa wailesi. Umboni wambiri unali pa mapepala a zotsatira: ena ofufutidwa ndi tipeksi, ena obwereza m'malo mwa enieni, ena opanda siginecha. Maloya anamanga mfundo zawo zomaliza Khirisimasi isanafike.

3 Febuluwale 2020. Chigamulo, chimene chinawerengedwa tsiku lonse mpaka kunja kutada. Majaji onse asanu anagwirizana. Anati zolakwika zinali zochuluka ndi zofalikira moti zotsatira sizingadalirike, ndipo a Mutharika sanasankhidwe movomerezeka. Analamula chisankho chatsopano pasanathe masiku 150, ndi kuti utsogoleri ubwerere mmene unalili chisankho chisanachitike, zomwe zinabwezera a Chilima pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti. Anamasuliranso gawo 80(2) la malamulo aakulu: wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, osati kungoposa anzake. Kwa ine mfundo iyi ndi yolemera kuposa zonse, pakuti inasintha chisankho chilichonse cha pulezidenti cham'tsogolo, osati cha 2019 chokha.

12 Febuluwale. A Mutharika ndi MEC, atapereka apilo, anapempha kuti chigamulo chiyambe chaimitsidwa. Bwalo linakana. Apa ndi pamene anthu athu amasokonezeka kawirikawiri, ngakhale pa milandu ya malo: kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Umapempha padera, ndipo akhoza kukukaniza. Masiku 150 aja anapitirizabe kuwerengedwa.

15 Epulo. Bwalo la Apilo, majaji asanu ndi awiri motsogozedwa ndi a Nyirenda, linamva apiloyo. Pa apilo mboni sizibweranso; majaji amaona zolembedwa za bwalo loyamba ndi kumva maloya.

8 Meyi. Bwalo la Apilo linakana apiloyo, majaji onse mogwirizana, n'kuvomereza mfundo ya mavoti opitirira theka. Linawonjezera kuti pa chisankho chatsopano agwiritse kaundula wa ovota wa 2019, ndipo opikisana akhale ochokera mwa omwe anaima pa chisankho chija. Kupitirira bwalo limeneli kulibenso kochita apilo m'dziko muno, choncho mlandu unathera pomwepa, pasanathe chaka chikasumireni.

23 Juni 2020. Chisankho chatsopano chinachitika, masiku 150 asanakwane. MEC inalengeza a Chakwera pa 27 Juni, ndipo analumbira pa 28 Juni, a Chilima ngati wachiwiri wawo.