Katemera amaphunzitsa bwanji thupi? Mayankho kwa ophunzira a sekondale

Sabata yatha anamwino atabwera pasukulu yathu kuno ku Chipata kudzabaya atsikana katemera wa HPV, vayirasi yoyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndinaika katoni pakhomo la labu kuti aliyense aponyemo funso popanda kulemba dzina. Timapepala tinadzaza. Ndasankha mafunso amene anabwerezedwa kwambiri, ndipo ndawayankha ngati mphunzitsi wanu wa bayoloje.

Aphunzitsi, kodi m'katemera mumakhala chiyani kwenikweni?

Mumakhala chinthu chofanana ndi kachilombo koyambitsa matenda, koma chimene sichingabweretse matendawo mwa munthu wathanzi. Katemera wa chikuku ndi wa BCG, wa chifuwa chachikulu, ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa kwambiri. Wa poliyo wobaya ali ndi mavayirasi ophedwa. Wa HPV alibe vayirasi n'komwe, ali ndi chikamba chake chakunja chokha, chopanda kanthu mkati. Wa kafumbata ndi wosiyananso: ndi poizoni wa bakiteriya amene wachotsedwa ululu. Chimene thupi likufuna kuona ndi chizindikiro cha mdaniyo, chija m'buku lanu chimatchedwa antijeni.

Nanga thupi limaphunzira bwanji, popeza magazi alibe ubongo?

Funso ili ndalikonda kuposa onse, ndiye ndichedwapo.

Mlenje akafuna kuti galu wake azigwira akalulu, amayamba wamununkhiza chikopa cha kalulu pakhomo. Chikopa sichithawa, koma fungo lake galuyo saliiwala, ndipo tsiku lokalowa m'thengo safunsa kuti tikusaka chiyani. Katemera ndiye chikopacho.

Jakisoni akalowa pamkono, maselo oyera a m'magazi amene amalondera pamalopo amameza antijeni ija, kuiphwanya, n'kunyamula tizidutswa take kupita nato ku timfundo ta m'khwapa. Timfundo timeneti mumatidziwa: ndi tija timatupa mukakhala ndi chilonda, n'kumati mwatuluka mwanabere. M'menemo mumakhala malimfosaiti miyandamiyanda, a mtundu wa B ndi a mtundu wa T, ndipo iliyonse imazindikira chizindikiro chimodzi chokha, monga kiyi amatsegulira loko wake. Pakati pa unyinji wonsewo pamapezeka ochepa chabe oyenerana ndi antijeni yatsopanoyo. Amenewo amayamba kugawikana mofulumira mpaka kukhala gulu lalikulu. Maselo a B amapanga maantibodi, amene amakakamira pa kachilombo kuti kasalowe m'maselo athu ndiponso kuti kamezedwe msanga. Maselo a T ena amatsogolera nkhondoyo, ena amapha maselo a thupi amene vayirasi yalowamo kale.

Ntchito yonseyi imatenga pafupifupi sabata ziwiri. Ikatha, ambiri mwa maselowo amafa, koma ena amatsala kwa zaka zambiri. Amenewa ndiwo maselo okumbukira. Kachilombo kenikeni kakadzabwera, iwo sayambanso kufufuza; m'masiku ochepa maantibodi amakhala atachuluka kale, ndipo nthawi zambiri munthu sadziwa n'komwe kuti anakumana ndi matenda. Pamayeso mukafunsidwa kusiyana kwa kuyankha koyamba ndi kwachiwiri kwa chitetezo cha m'thupi, nkhani yake ndi imeneyi: kwachiwiri n'kofulumira ndiponso kwamphamvu.

Ndiye kuti mankhwalawo amakhala m'thupi moyo wonse?

Ayi. Zimene anakubayani thupi limaziphwanya n'kuzichotsa. Chotsala ndi maselo anu omwe, amene tsopano aphunzira.

Ine nditabayidwa mkono unapweteka ndipo thupi linatentha usiku. Kodi sanandipatse matenda?

Sanakupatse, mwanawe. Kupweteka, kutupa pang'ono ndi kutentha thupi zimachitika chifukwa maselo oyera akuthamangira pamalopo ndi kuitanizana. Zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kamodzikamodzi kwambiri munthu amatha kubanika kapena kutupa nkhope atangobayidwa, n'chifukwa chake anamwino amakuuzani kuti mukhale kaye pansi osathamangira kunyumba. Zoterozo zikachitika, uzani namwino nthawi yomweyo.

Agogo amati mwana akadwala chikuku kamodzi sadzadwalanso. Bwanji osangodwala basi?

Agogo sananame. Wochira chikuku amakhaladi ndi maselo okumbukira moyo wake wonse. Koma muwafunsenso agogo omwewo kuti ndi ana angati m'mudzi mwawo amene sanachire, ndi angati amene anachira ali osaona kapena osamva. Chikuku chimathanso kufafaniza zina mwa zimene thupi linali litaphunzira kale za matenda ena, mwana n'kutsala wofooka kwa nthawi yaitali. Phunziro lake ndi lomwelo, koma wina amalilipira ndi moyo, wina ndi kupweteka kwa mkono. Ine monga kholo sindingayerekeze n'komwe njira yoyambayo.

N'chifukwa chiyani makanda amabayidwa kangapo katemera yemweyo?

Tengani khadi la kusikelo la mng'ono wanu muone. Katemera woteteza ku matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, amaperekedwa pa sabata 6, 10 ndi 14. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, kenako pa miyezi 18. Kubwereza kulikonse kumadzutsanso maselo okumbukira, amachuluka, ndipo maantibodi awo amagwira molimba kuposa poyamba. Pa chikuku palinso chifukwa china: ana ena ochepa thupi lawo siligwira phunzirolo ulendo woyamba, choncho wachiwiri umawatola otsalawo.

Bwanji wa HPV akubaya ife ana, pomwe khansa ya khomo la chiberekero imagwira amayi aakulu?

Chifukwa katemera sachiza kachilombo kamene kalowa kale. Vayirasi ya HPV imafala pogonana, ndipo imatha kukhala zaka khumi kapena kuposerapo isanayambitse khansa. Thupi liyenera kuidziwa isanafike, n'chifukwa chake amalunjika atsikana a zaka 9 mpaka 14, msinkhu umenenso thupi limapanga maantibodi ambiri. Pepala lina linafunsa ngati katemerayu amatseka mimba. Satseka. Chikamba cha vayirasi chija chilibe chochita ndi mazira kapena chiberekero.

Ngati anzanga onse anabayitsa, ine ndivutikirenji?

N'zoona kuti anthu ambiri akakhala otetezeka kachilombo kamasowa podumphira, ndipo zimenezi zimatchinjiriza khanda losafika msinkhu wobayidwa ndi wodwala amene chitetezo chake chafooka. Koma chikuku n'chopatsirana kwambiri moti pamafunika anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse kuti mpandawo ulimbe. Otsala asanuwo ndi malo a anthu amene sangathe kubayidwa, osati a oopa singano.

Kumbukiraninso kuti kachilombo sikaima pa malire a Mwami kuti kadinditse pasipoti. Afirika analengezedwa mu 2020 kuti wathana ndi poliyo wachilengedwe, koma mu Febuluwale 2022 kunamveka za mwana wa ku Lilongwe amene anapuwala naye, ndipo mayiko oyandikana ndi Malawi, kuphatikizapo Zambia, anayenda khomo ndi khomo kudontheza ana katemera m'kamwa. Ndipo kafumbata alibe nazo ntchito zoti anzako anabayitsa, chifukwa sachokera kwa munthu: amakhala m'dothi, n'kulowera pabala la khasu kapena la msomali.

Alipo matenda amene katemera anawathetseratu?

Nthomba. Mu 1796 dokotala wa ku Mangalande, Edward Jenner, anatemera mnyamata wina ndi mafinya a nthomba ya ng'ombe, imene siopsa kwa anthu, ndipo mnyamatayo sanagwidwe ndi nthomba yeniyeni. Mavayirasi awiriwo amafanana zizindikiro, ndiye thupi likaphunzira imodzi limazindikiranso inayo. Mu 1980 bungwe la zaumoyo padziko lonse linalengeza kuti nthomba yatha. Mukaona achikulire ali ndi chipsera chachikulu chozungulira pamkono, kawirikawiri chimakhala cha katemera ameneyo. Kachipsera kanu kakang'onoko n'ka BCG, amene munalandira mutangobadwa kuti akutetezeni ku chifuwa chachikulu choopsa cha ana.