Kusintha kwa Lamulo la Msonkho: Uthenga kwa Makasitomala Athu, Epulo 2024

Makasitomala athu olemekezeka,

Nyumba ya Malamulo yasintha lamulo la msonkho, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 2024 msonkho wa PAYE uzidulidwa motere pamwezi: K150,000 yoyamba ilibe msonkho, kuchoka pa K100,000 yakale, K350,000 yotsatira, 25 peresenti, K2,050,000 yotsatira, 30 peresenti, yopitirira K2,550,000, 35 peresenti.

Mwachitsanzo, wantchito wolandira K500,000 azidulidwa K87,500. Chonde konzani mawerengedwe a malipiro musanalipire a Epulo, chifukwa mukadula zoperewera, MRA idzafunsa inu olemba ntchito. Izi n'zimene tikuda nazo nkhawa kwambiri. Msonkhowu uzifikabe ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira.

Makampani akuluakulu azilipira 10 peresenti yowonjezera pa phindu lopitirira K10 biliyoni.

Ngati mukufuna tiwunike nanu mabuku a malipiro, tiuzeni sabata ino.

Ndife,
Gawo la Misonkho