Big walk ya denga la blok ya sitandade 3, Loweruka pa 28 Juni: ndani achita chani

Abale mwezi watsala umodzi basi, ana athu akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango kuzizira konseku, ndiye tiyeni aliyense agwire yake.

Pofika 31 Meyi: Atcheya ndi aHedi kukapereka kalata kupolisi kuti atipatse atrafiki patsikulo, komanso kukaonekera kwa amfumu. Izi zisachedwe chonde, popanda chilolezo sitiyenda pamsewu.

7 Juni: Alembi mafomu a sponsa akhale atasindikizidwa, aliyonse ndi nambala yake ndi chidindo cha sukulu, chifukwa chaka chatha ena anangofotokopa okha ndalama osaoneka, zinatiwawa. Mayi Nambewe agawa mafomuwo mmatchalitchi ndi kumzikiti.

14 Juni: Achimwene a Yohane kukamba ndi mwini zokuzira mawu ndi jenereta, mafuta tigula ife. Anyamata a mpira kulemba zikwangwani.

21 Juni: mitingi kusukulu 2 koloko masana, Asungichuma abwere ndi buku la malisiti tiwerengere limodzi zomwe zalowa, za pa Airtel Money ndi Mpamba zomwe.

27 Juni: amayi a mother group kuphika thobwa ndi kukazinga mandasi ogulitsa, madzi akumwa mzigubu, bokosi la mankhwala tikabwereke kwa aHSA.

28 Juni: tonse pamsika 6 koloko mmawa, kunyamuka 7. Tikafika kusukulu ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu, Lolemba pa 30 Atcheya ndi Asungichuma kukasiya kubanki.

Amene yamukanika anene msanga tipeze wina.