Lipoti la khomo lopulumukira lomwe lapezeka lotsekeka

Kwa: Bwana Manijala, ofesi ya pa boma la Thyolo
Kuchokera kwa: Woyang'anira chitetezo cha anthu pantchito
Ena olandira kalatayi: Mkulu wa alonda, Woyang'anira sitolo

Bwana,

Ndikulemba kukudziwitsani kuti khomo lakuseri, lomwe tinaliika kuti likhale lopulumukira pa ngozi ya moto, silikutseguka. Izi tazitulukira lero Lachitatu m'mawa pomwe timayeserera kutuluka mwachangu m'nyumba ino. Ndikupempha kuti likonzedwe lero lomwe, tisanaweruke.

Belu linalira nthawi ya 10:15. M'ofesi munali antchito 31 ndi alimi a tiyi 26 omwe anabwera kudzalandira ndalama za masamba awo. Monga tinagwirizana, a ku malo olandirira alendo anatulukira khomo lakumaso, ndipo a ku akaunti ndi alimi omwe anali pa mzere analowera m'kanjira kopita kuseri. Ineyo ndinali m'mbuyo mwawo.

Titafika kumapeto kwa kanjirako tinapeza makatoni a mafayilo akale atasanjidwa mpaka kufika m'chifuwa, matumba asanu ndi limodzi a feteleza, ndi mipando iwiri yothyoka. Anyamata awiri anayamba kukoka makatoniwo, koma atachotsa ochepa tinaona kuti pachitseko pali loko wamkulu. Kiyi wake amasunga a ku sitolo, ndipo iwo anali atapita ku Limbe kukagula katundu. Chozimitsira moto chomwe chimakhala pakhomopo chinali kuseri kwa matumba aja, osaoneka n'komwe.

Chomwe chandisowetsa mtendere si loko yekhayo, koma zomwe zinachitika m'kanjiramo. Ndi kopanikiza, anthu awiri sangadutsane bwinobwino. Akutsogolo ankakuwa kuti bwererani, akumbuyo osamva chifukwa cha belu, n'kumakankhabe. Mayi wina wobereka mwana kumsana anapanikizidwa kukhoma. Agogo ena ochokera kufupi ndi ku Thekerani anagwada pansi ndodo yawo itapulumuka, ndipo tinachita kuwadzutsa. Palibe anavulala, tithokoze Mulungu. Koma munthu womaliza anafika pansi pa mtengo wosonkhanirana patadutsa mphindi zisanu ndi zinayi, pamene ulendo watha tonse tinatuluka m'mphindi zitatu. Lero kunalibe utsi, ndipo magetsi anali oyaka. Pa moto weniweni utsi ndi womwe umayamba kugwetsa anthu malawi asanawafike, ndipo kanjira kameneka kalibe zenera. Kumbukiraninso kuti jenereta ndi zigubu za dizilo zili pafupi ndi khomo lakumaso. Moto utabuka kumeneko, khomo lakuserili ndiye njira yathu yokhayo, popeza mazenera onse ali ndi zitsulo zotchinga akuba.

Ndafunsa m'mene zinayambira. Alonda akuti loko anaikidwa mwezi watha zitasowa zinthu m'sitolo. Makatoni anasamutsidwira kumeneko denga la chipinda cha mafayilo litayamba kudontha, poti akhalepo masiku ochepa okha. Feteleza anabwera pambuyo pake chifukwa malowo ankaoneka ngati osungirapo katundu kale. Sindikufuna kuti mlandu ugwere mlonda kapena a ku sitolo, chifukwa aliyense ankateteza katundu wa ofesi. Inenso ndili ndi mbali yanga: sindinayendere khomolo kwa milungu inayi, pomwe ndi ntchito yanga kutero, ndipo ndikupepesa.

Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti malo antchito ali ndi njira yopulumukira pa moto, ndipo kuti njirayo isatsekedwe ndi katundu. Oyendera a ku Unduna wa Zantchito atabwera lero, tilibe choyankha.

Masana ano tachotsa mipando ndi makatoni, zili m'chipinda chochitira misonkhano. Feteleza akudikira galimoto. Loko sindinathyole chifukwa ndikufuna chilolezo chanu. Chonde lolani kuti adulidwe lero, ndipo mlonda wausiku azikhala chakuseriko mpaka mmisiri ataika chotsekera chomwe chimatseguka munthu akangokankha ali m'kati koma chosatseguka ali kunja. Potero nkhawa ya akuba ithanso. Tikufunikanso chikwangwani chobiriwira pamwamba pa khomolo, cholembedwa m'Chichewa, pakuti alimi ambiri sanadziwe komwe amapita, komanso nyali yoyaka yokha magetsi akazima. Denga la chipinda cha mafayilo likapanda kukonzedwa, makatoni aja abwereranso pomwepo mvula ikagwa.

Lachisanu kukubwera alimi ambiri kuposa lero. Ngati khomoli lidzakhale lisanatseguke, ndikupempha kuti malipiro adzachitikire panja pa khonde. Ndajambula zithunzi zisanu tisanachotse katunduyo m'kanjiramo, ndaziphatika ku lipotili pamodzi ndi kaundula wa omwe analipo.

Ine wanu pantchito,
Woyang'anira chitetezo cha anthu pantchito