Yankho: Vidiyo ya futali inatuluka pa 6 Juni, yaonedwa ka 18,426

Blantyre
Lolemba, 16 Juni 2025

Wokondedwa Mayi,

Zikomo chifukwa cha uthenga wanu wa Loweruka usiku wofunsa ngati vidiyo ya futali yotsatsa chiponde chanu inatuluka, poti linki imene muli nayo ikusonyeza kuti yaonedwa ka 41 kokha. Pepani kuti ndikuyankha lero. Dzulo ndinali kutali ndi kompyuta, ndipo sindinafune kukupatsani manambala a pamutu pamene abwana anu akufuna zenizeni.

Mtima ukhale m'malo, vidiyo ija inatuluka ndipo ikuyenda bwino. Tinaitulutsa pa tchanelo chathu cha YouTube Lachisanu pa 6 Juni, 6 koloko madzulo. Panopa ili pa Public, kutanthauza kuti aliyense angathe kuipeza ndi kuionera. Mmene ndimatsegula YouTube Studio lero 8 koloko m'mawa, inali itaonedwa ka 18,426. Palibe dandaulo lililonse la umwini wa nyimbo kapena zithunzi, ndipo pa Restrictions palembedwa None.

Tsono za nambala ya 41 imene yakuvutitsani maganizo ija. Linki imene mukutsegula ndi ija ndinakutumizirani pa 27 Meyi kuti muone kaye vidiyo isanatuluke. Imeneyo ili pa Unlisted, siioneka kwa anthu ofufuza pa YouTube, amaiona ndi okhawo amene ali ndi linkiyo. Maulendo 41 amenewo ndi anu, a abwana anu, ndi athu kuno pamene tinkakonza. Kulakwa n'kwanga. Ndinayenera kuitseka tsiku limene yeniyeni inatuluka, ndi kukuuzani momveka bwino kuti malinki ndi awiri osiyana. Ndikumvetsa mmene munamvera mumtima kutsegula foni pamaso pa abwana n'kupeza 41, ndalama mutalipira kale theka. Linki yolondola ndakutumizirani pa WhatsApp m'mawa uno pamodzi ndi zithunzi zitatu za mu YouTube Studio. Yakaleyo ndiiika pa Private madzulo ano, mukangondiuza kuti yatsopanoyo yatseguka bwino kwanuko.

Pa tsiku lotulutsa, mgwirizano wathu unanena 30 Meyi, ndiye mwina abwana afunsa chifukwa chake tinapitirira ndi sabata. Mukumbukira kuti mutaona ija yoyamba munapempha kuti chidindo cha MBS cha pa botolo chioneke pafupi. Munanena zoona, poti pa kujambula koyamba dzanja la mayi wophika uja linkachiphimba. Tinabwerera ku Ndirande Loweruka pa 31 Meyi kukajambulanso kachigawo kameneko, inu munavomereza Lachiwiri pa 3 Juni, ndipo tinadikira Lachisanu chifukwa oonera athu amachuluka Lachisanu madzulo ndi Loweruka. Choncho masiku 30 a mgwirizano tikuwerenga kuyambira pa 6 Juni, ndipo atha Lamulungu pa 6 Julayi.

Tinagwirizana kuti ifike 25,000 m'masiku amenewa. Yatsala ndi 6,574, masiku atsala 20, ndiye ikufunika kuonedwa pafupifupi ka 330 pa tsiku. M'maola 48 oyamba inaonedwa ka 7,900, pofika Lachisanu lapitali madzulo inali pa 15,600, ndipo m'maola 48 apitawa yawonjezera 1,710. Mukuona nokha kuti liwiro likutsika. Umu ndi mmene mavidiyo athu onse amachitira, moto umakhala sabata yoyamba, kenako imayenda pang'onopang'ono. Ngakhale itatsika kufika theka la mmene ikuyendera panopa, tidzakhala titadutsa 25,000 tsikulo lisanakwane. Kulonjeza nambala yeniyeni sindingathe, koma ine nkhawa ndilibe. Ikapanda kufika, zimene tinalemba zija zilipobe: tidzatchula chiponde chanu mu vidiyo yotsatira popanda kulipira china.

Pali zina zimene ndikufuna muwafotokozere abwana, chifukwa kwa ine n'zofunika kuposa 18,426 yo. Vidiyoyi ndi ya mphindi 11 ndi masekondi 20. Chigawo chanu chikuyamba pa 2:05 n'kutha pa 2:50, pamene mayi aja akutsegula botolo, kutapa chiponde ndi supuni n'kuchisungunula m'kapu ya madzi ofunda asanathire mu mphika wa mbatata. Tikayang'ana pa Audience retention, anthu 64 mwa 100 aliwonse amene anayamba kuonera anali akadalipo pa 2:05, ndipo 59 anali akadalipo pa 2:50. Ndiye kuti ambiri sanadumphe. Kawirikawiri tikaika uthenga wa malonda, mzere umenewu umagwa ngati wagwera m'dzenje n'kudzakweranso uthengawo ukatha. Apa wangotsetsereka pang'ono. Ine ndikuona kuti chifukwa chake n'chakuti chiponde chinalowa m'chakudya chenichenicho, anthu ankafuna aone ngati futali wa chiponde angafanane ndi wa nsinjiro. Botolo likuonekanso pa 6:30, lili pambali pa mbaula.

Pakatikati, munthu aliyense akuonera mphindi 4 ndi masekondi 48. Musaione ngati yochepa. Oonera athu ambiri ali pa foni, pa bandulo imene agula ndi ndalama yovuta, ndipo munthu akaona mmene kaphikidwe kakuyendera amatseka kuti deta itsale. N'chifukwa chake ndinakana zoika chigawo chanu kumapeto, ngakhale poyamba munaganiza kuti kumeneko ndi kwaulemu.

Nambala ya 18,426 ndi ya maulendo amene vidiyo yaonedwa, osati anthu. Ena amabwereza, makamaka akafuna kuphika. YouTube ikuyerekeza kuti anthu osiyanasiyana ndi pafupifupi 13,900, pa mzere wa Unique viewers. Mwa maulendo 100 aliwonse, 71 ndi a kuno ku Malawi, 17 ndi a ku South Africa, otsalawo agawana Zambia, Mozambique ndi United Kingdom. A ku Joni aja ndikudziwa kuti sangagule botolo mawa, koma musawaderere, ndi amene amatumiza ndalama kumudzi, ndipo awiri alemba kale m'ndemanga kufunsa ngati angalipirire kumeneko kuti makolo awo alandire ku Chirimba ndi ku Bangwe.

Munafunsanso ngati tingathe “kuikankha” kuti nambala ikwere msanga, poti pali anyamata amene anakuuzani kuti amagulitsa oonera. Chonde Mayi, musawapatse ndalama. Malamulo a YouTube amaletsa zimenezi, maulendo achinyengo amawachotsa akawazindikira, ndipo tchanelo chingathe kulangidwa mpaka kutsekedwa. Koma ngakhale akanapanda kugwira, nambala yotero siidya chiponde. Tchanelo chimenechi tachimanga zaka zinayi, ndipo ndikakupatsani nambala ndimafuna ikhale yoti mungaimirire nayo pamaso pa aliyense. Ngati pali ndalama yowonjezera, njira yovomerezeka ilipo, yolipira YouTube kapena Facebook kuti aionetse kwa anthu a ku Blantyre ndi madera ozungulira, ndipo tikatero ndidzalemba padera maulendo olipira ndi obwera okha.

Pa chifukwa chomwechi, mukaona mawu akuti Includes paid promotion kumayambiriro kwa vidiyo, musadabwe. Ndife tinachonga, ndi lamulo la YouTube pa vidiyo iliyonse yolipiridwa, ndipo oonera ayenera kudziwa.

Pali oonera ena amene sitingawawerenge. Lachitatu lapitali ndili mu minibasi yochokera ku Limbe kupita m'tauni, mayi wina pampando wa kutsogolo kwanga ankaonetsa mnzake vidiyo yathuyi, ndipo ndinaona kuti sanali pa YouTube, inali yotumizidwa pa WhatsApp. Wina anaikopera n'kuitumiza yonse m'gulu. Ndinamva akuti, “Kodi chiponde chimalowanso m'futali?” Maulendo ngati amenewa sakulowa mu 18,426, ndipo sindidzawaika mu lipoti poti ndilibe powawerengera. Ndangofuna mudziwe kuti botolo lanu lafika kutali kuposa pamene manambala akusonyeza. Kachidutswa ka masekondi 45 kamene tinaika pa Facebook nakonso kali ndi nambala yakeyake, sindinaphatikize, chifukwa kawerengedwe ka kumeneko ndi kosiyana.

Tsopano ndikupempheni thandizo pa zinthu ziwiri. Ndemanga zafika 212, ndipo funso limene likubwera mobwerezabwereza ndi lakuti chipondechi chikupezeka kuti. Za kogula, mu Description tinangolemba shopu yanu ya ku Limbe ndi nambala ya foni ya ku ofesi. Anthu a ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu akufunsa, ndipo ine ndikungoyankha kuti ndifunsa eni ake. Munthu amene wafunsa kogula ndiye kasitomala amene munalipirira, tisamusiye akudikira. Nditumizireni mndandanda wa malo onse amene muli ndi katundu panopa, ngakhale atakhala atatu okha, ndiuike mu ndemanga yokhomedwa pamwamba lero lomwe. Mufunsenso amene amayankha foni ya ku ofesi kuti azifunsa oimba kumene anamva za inu, azilemba m'kope. Pofika pa 6 Julayi kope limenelo lidzakuuzani zambiri kuposa lipoti langa.

Chachiwiri ndi mtengo. Munati ukhoza kusintha kumapeto kwa mwezi uno. Mu vidiyo momwemo sitinautchule dala, chifukwa YouTube salola kuchotsa vidiyo n'kuikapo ina pa linki yomweyo, ukatero umayambiranso pa ziro. Mtengo uli mu Description mokha, ndipo kumeneko ndingasinthe m'mphindi imodzi. Mungondiuza tsiku.

Lipoti lomaliza ndidzatumiza Lachiwiri pa 8 Julayi. Manambala a mu Analytics amachedwa mpaka masiku awiri kuti akhazikike, ndiye ndikufuna a pa 6 Julayi akhale atakwanira. Invoisi ya theka lotsala idzabwera limodzi ndi lipotilo monga tinagwirizana. Ngati abwana akufuna kuona ndi maso awo, Lachinayi m'mawa ndili ndi ntchito ku Maselema, ndikhoza kudutsa ku ofesi kwanu cha m'ma 10 koloko ndi laputopu, titsegule YouTube Studio limodzi. Ndidziwitseni pofika Lachitatu madzulo.

Mayi aja a ku Ndirande akupereka moni. Akuti mabotolo awiri munawasiyira aja latsala limodzi, ana ndi kuzizira kwa Juni kuno akupaka chipondecho pa mbatata yootcha m'mawa uliwonse.

Ine wanu pa ntchito,
Woyang'anira tchanelo