Kalata ya kwa mpongozi wanga Tiyamike

Makawa, Mangochi
16 Seputembala 2024

Wokondedwa mpongozi wanga Tiyamike,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi abambo ku Dedzako. Kuno tadzuka bwino, kupatula agogo ake a Limbani amene akudandaula miyendo.

Mwambo umati apongozi azipatsana ulemu chapatali, ndipo ndikudziwa kuti tikakhala pamkeka umodzi mudzangozolika n'kumati "eya, amayi". Pa 5 Okutobala pomwepo, ndi phokoso la perekaniperekani, sitidzapeza mpata. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge muli nokha.

Takulandirani, mwana wanga, ndi manja awiri. Ndikudziwa kuti si chapafupi makolo anu kuvomera chitengwa pamene kwanu mwamuna ndiye amapita kuchikamwini. Atipatsa ulemu waukulu, ndipo sitidzauponda. Kwanu kukhalabe kwanu. Mukawasowa amayi, kwerani galimoto ya ku Golomoti mukawaone, musachite kupempha kwa ine.

Nyumba imene Limbani wamanga kuseri kwa mtengo wa mango ndi yanu. Khitchini ndi yanu, mthiko ndi chipande ndi zanu. Sindidzabwera kudzavundukula mapoto kuti ndione mwaphika chiyani, ngakhale kufunsa kuti ndalama za mwezi uno zapita kuti. Alamu anu ndawauza kale zomwezi: pakhomo panu azifika ndi odi. Banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo wachitatuyo nthawi zambiri amakhala mayi wa mwamuna. Ine sindifuna kukhala ameneyo.

Mukubwera nthawi yotentha kwambiri, inu wozolowera kuzizira kwa kumapiri. Masiku oyamba mudzafooka, tulo tidzavuta. Ntchito muzigwira m'mamawa, masana muzipuma pamthunzi, ndipo palibe adzakuneneni ulesi. Neti ndagula kale yatsopano. Muzigonamo usiku uliwonse ngakhale kutenthe bwanji, chifukwa malungo a kunyanja kuno sachedwa kugwira mlendo. Mutu ukangoyamba kuwawa ndi kuphwanya m'thupi, ndiuzeni tsiku lomwelo tipite kuchipatala. Kuchapa ndi kusamba, tungani pamjigo. M'mbali mwa nyanja momwe muli bango mumakhala likodzo, ndipo nthawi zina ng'ona.

Za ndiwo musade nkhawa. Kupala mamba a chambo, kuchotsa zam'mimba osaphulitsa ndulu, kufwafwaza usipa n'kuuyanika pathandala, zonsezi zimaphunziridwa. Mukafuna, tidzapitira limodzi kudoko m'mawa mabwato akamakocheza, ndikuonetseni amene sakweza mtengo akaona nkhope yachilendo. Inunso mudzandiphunzitse kaphikidwe kanu ka nyemba ndi kachewere, poti Limbani sasiya kukatama. Anzathu oyandikana nawo ambiri ndi Asilamu, olankhula Chiyao, ndipo takhala nawo bwino zaka zonsezi. Tikafuna kupha nkhuku timaitana mmodzi wa iwo adzazinge, kuti mbale ikadutsa mpanda aliyense adye momasuka. Pa Idi nawonso amatitumizira mpunga ndi nyama.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kwenikweni. Miyezi ikangopita pang'ono, anthu adzayamba kukuyang'anani pamimba. Ena adzafunsa moseka pamjigo, ena adzafunsa ine. Ndinadikira nthawi yaitali ndisanamuone Limbani, ndipo mawu amene ndinkamva nthawi imeneyo ndimawakumbukirabe mpaka lero. Sindidzalola kuti akugwereni inu. Mwana amapereka ndi Mulungu pa nthawi yake, ndipo nkhaniyo ndi ya inu awiri. Wofunsa ndidzamuyankha ndine. Ntchito yanu yosoka ija musaisiye. Makina abwere nawo, malo pakhonde alipo, ndipo mayunifolomu a ana asukulu kuno amafunika chaka ndi chaka.

Limbani ndinabereka ndine, ndikumudziwa. Ndi wolimbikira ntchito, dzanja lake ndi lopatsa, koma chikamupweteka amangoti duu, osanena. Mumufunse modekha akadya, amamasuka. Kusemphana mawu kulipo m'nyumba iliyonse, ndipo zazikulu ankhoswe alipo, amalume ake ndi amalume anu. Koma kukwezerana dzanja kapena kunyozana, zimenezo si zopirira, ndipo ndamuuza iyenso maso ndi maso. Tsiku limene mtima walemera, bwerani kwanga ngati mwadzapempha mchere. Tidzakhala kukhitchini, mukafuna kulankhula mudzalankhula, ndipo zimene mwanena sizidzatuluka pakhomo.

Ndatumiza kalatayi ndi Chisomo, mlamu wanu, pamodzi ndi zitenje ziwiri ndi kamtanga ka chambo chowamba cha makolo anu. Chitenje chobiriwiracho ndi chanu, chinacho mupatse amayi. Muwafunsenso kuti adzabwera anthu angati kuchokera kwanuko, Chisomo abwere ndi yankho kuti tikonzeretu malo ogona.

Moni kwa onse pakhomopo.

Ine mayi wanu,
Nabanda, amake Limbani